Liwiro la funde pa chingwe chokungika: mafunso ndi mayankho

Kodi fomula yake ndi iti, ndipo zilembo zake zikuimira chiyani?

Mukamenya chingwe chokungika cham'mbali, kachitunda kamene mwapanga kamathamanga kutsata chingwecho pa liwiro ili:

```
v = √(T / μ)
```

Chilembo v ndi liwiro la funde, m'mamita pa sekondi. T ndi mphamvu imene yakunga chingwe, m'manyutoni. Chilembo cha Chigiriki μ ndi masi a mita imodzi ya chingwe, m'makilogalamu pa mita, ndipo chimapezeka pogawa masi a chingwe chonse ndi kutalika kwake: μ = m / L. Tikamati masi tikunena chimene sikelo imaonetsa m'makilogalamu. Kulemera, komwe ndi mphamvu imene dziko limakokera chinthu pansi, ndi china, ndipo kusiyana kumeneku kudzakhala kofunika tikayamba kuwerengera.

N'chifukwa chiyani liwiro limadalira zinthu ziwiri zokhazi?

Chifukwa mu funde la pa chingwe muli ntchito ziwiri zokha. Yoyamba ndi kubweza: gawo la chingwe likapatuka pa mzere wake, magawo oyandikana nalo amalikokera pakati, ndipo kukokako kumachokera ku T. Yachiwiri ndi kukana: gawo lililonse lili ndi masi, choncho silisintha kayendedwe kake nthawi yomweyo. T ikakula, gawo lililonse limakoka linzake mwamphamvu ndipo funde limapatsiranidwa msanga. μ ikakula, gawo lililonse limachedwa kunyamuka ndipo funde limachedwa.

Mayunitsi amatsimikiza kuti ziwirizi zingaphatikizidwe mwanjira imodzi yokha. Nyutoni imodzi ndi kg·m/s². Mukaigawa ndi kg/m, makilogalamu amafafanizana n'kutsala m²/s², ndipo sikweya ruti yake ndi m/s. Koma mayunitsi okha sangakuuzeni ngati kutsogolo kwa fomula kuli 1, 2 kapena π. Kuti tidziwe kuti ndi 1 ndendende, tiyenera kugwiritsa ntchito lamulo lachiwiri la Newton.

Ndingaipeze bwanji fomulayi popanda masamu apamwamba?

Njira yachidule ndi kusintha malo amene mukuonera. Yerekezani kuti mukuyenda limodzi ndi kachitunda ka funde, pa liwiro lomwelo v. Kwa inu kachitundako kaima, ndipo chingwe ndicho chikudutsa chobwerera m'mbuyo pa liwiro v, chikukwera kachitundako n'kutsikira mbali ina. Popeza liwiro lanu silikusintha, malamulo a Newton akugwirabe ntchito monga kale.

Tsopano tengani kachidutswa kakang'ono kwambiri pamwamba penipeni pa kachitundako. Kachidutswa kopindika kalikonse, kakakhala kafupi mokwanira, kamafanana ndi gawo la mzere wozungulira. Tinene kuti rediyasi ya mzere wozungulirawo ndi R, ndipo kachidutswako katambalala ngodya θ mbali iliyonse kuchokera pakati, yonse pamodzi 2θ. Ngodya ikayezedwa m'marediyani, kutalika kwa kachidutswako ndi 2Rθ, ndipo masi ake ndi μ × 2Rθ.

Kachidutswako kakukokedwa ndi T kumapeto konse kuwiri. Kukokako kumatsata chingwe, ndipo popeza chingwe chapindika, nsonga iliyonse yaweramira pansi ndi ngodya θ. Zigawo za mphamvu zoloza kumanzere ndi kumanja n'zofanana, T cos θ mbali iliyonse, choncho zimafafanizana. Zigawo zoloza pansi sizifafanizana, zimaphatikizana: T sin θ kawiri, ndiye kuti 2T sin θ, kuloza pakati pa mzere wozungulira uja. Ngodya ikachepa kwambiri sin θ amafanana ndi θ, ndipo mphamvuyi imakhala 2Tθ.

Chinthu choyenda mozungulira pa liwiro v chimafuna mphamvu yochikokera pakati yokwana masi ake kuchulukitsa ndi v²/R. Palibe mphamvu ina imene ingagwire ntchito imeneyi kupatula 2Tθ, choncho:

```
2Tθ = (μ × 2Rθ) × v² / R
T = μ v²
v = √(T / μ)
```

Yang'anitsitsani zimene zasowa pa mzere wachiwiri. θ yafafanizika, ndipo ziyenera kutero chifukwa kukula kwa kachidutswa tinachita kusankha tokha. R nayonso yafafanizika, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kachitunda kosongoka kali ndi R yaing'ono, kachitunda kotambalala kali ndi R yaikulu, koma konseko kamayenda pa liwiro limodzi. Mbali zonse za funde limodzi, zopindika kwambiri ndi zopindika pang'ono, zimayendera limodzi, n'chifukwa chake funde limafika kutsogolo lili ndi maonekedwe amene linanyamuka nawo.

Nanga njira yogwiritsa ntchito kakyulasi imayenda bwanji?

Njirayi ndi yaitali pang'ono, koma ili ndi ubwino umodzi waukulu. Njira yoyamba ija inayamba ndi kuvomereza kuti funde limayenda osasintha maonekedwe, n'kufunsa liwiro lake. Iyi siyamba ndi kuvomereza kalikonse kotero, imachita kukuonetsa.

Goneka chingwe motsata mzere wa x, ndipo y(x, t) akhale mtunda umene malo x apatuka nawo pa nthawi t. Tengani kachidutswa kochokera pa x kufika pa x + Δx. Masi ake ndi μΔx. Kunsonga iliyonse, gawo la T loloza cham'mbali ndi T sin θ, pomwe θ ndi ngodya ya chingwe pamalopo. Ngodya ikakhala yaing'ono, sin θ amafanana ndi tan θ, ndipo tan θ ndiye kupendekeka kwa chingwe, ∂y/∂x. Nsonga yakumanja imakokedwera mbali imene chingwe chalowera, nsonga yakumanzere imakokedwera mbali yotsutsana, choncho mphamvu yotsala ndi kusiyana kwa ziwirizo:

```
F = T [ (∂y/∂x) pa x+Δx  −  (∂y/∂x) pa x ]
F = T (∂²y/∂x²) Δx
```

Mzere umenewu ukunena chinthu chofunika kuchimvetsa bwino. Kachidutswa kopendekeka koma kowongoka sikamva mphamvu iliyonse yotsala, chifukwa nsonga ziwirizo zikukokedwa mofanana motsutsana. Chimene chimabweretsa mphamvu ndi kupindika, kutanthauza kusintha kwa kupendekeka kuchoka ku nsonga ina kupita ku inzake. Ophunzira ambiri amaganiza kuti gawo limene lapatuka kwambiri ndilo limakokedwa kwambiri chifukwa cha kupatukako. Sichoncho: gawo lingapatuke kutali, koma ngati lawongoka, palibe cholibweza.

Lamulo lachiwiri la Newton likuti mphamvu imeneyi ikufanana ndi masi kuchulukitsa ndi kusintha kwa liwiro la kachidutswako pa sekondi, komwe ndi ∂²y/∂t². Δx imapezeka mbali zonse ziwiri ndipo imachoka:

```
∂²y/∂t² = (T/μ) ∂²y/∂x²
```

Tsopano yesani y = f(x − vt), pomwe f ndi maonekedwe alionse amene akusunthira kumanja pa liwiro v. Mukatenga deriveti kawiri motsata x mumapeza f″. Mukatenga kawiri motsata t mumapeza v² f″, chifukwa nthawi iliyonse pamatuluka −v. Mukaziika mu ikweshoni, f″ imachoka n'kutsala v² = T/μ. Maonekedwe osunthira kumanzere, g(x + vt), amakwaniranso chimodzimodzi. Jean le Rond d'Alembert ndiye analemba ikweshoni imeneyi mu 1747, ndipo anaonetsa kuti yankho lake lililonse ndi kuphatikiza kwa mafunde awiriwa, lina lopita kumanja lina kumanzere.

Ngodya "yaing'ono" ndi yaing'ono bwanji?

Pa madigiri 10, ngodya m'marediyani ndi 0.1745, sin wake ndi 0.1736, tan wake ndi 0.1763. Kusiyana kwa sin ndi tan ndi pafupifupi 1.5 peresenti. Pa madigiri 30, sin ndi 0.500 pomwe tan ndi 0.577, ndipo apa kuyerekeza kuja sikungadaliridwenso.

Chofunika si msinkhu wa funde pawokha, koma msinkhuwo pouyerekeza ndi kutalika kwa funde. Funde lokwera mamilimita 5 lotalika mamita 3 limapendekeka, pamalo opendekeka kwambiri, ndi 2π × 0.005 / 3, pafupifupi 0.01, yomwe ndi digiri yosakwana imodzi. Msinkhu womwewo pa funde lotalika masentimita 5 ukhoza kupendeketsa chingwe kupitirira madigiri 30.

Pali chifukwa chachiwiri chofunira kupendekeka kochepa, ndipo n'chimene chimaoneka msanga poyesa. Chingwe chopindika n'chachitali kuposa chowongoka, choncho funde lalikulu limatamula chingwe ndi kukweza T. Tinatenga T ngati yosasintha, ndipo izi n'zoona pokhapokha kutamukako kukakhala kochepa. N'chifukwa chake waya wa gitala womenyedwa mwamphamvu amayamba ndi mawu okwera pang'ono, kenako n'kutsikira pa mawu ake enieni kugwedezeka kukamachepa.

Tingaone chitsanzo chowerengera mpaka pamapeto?

Tengani chingwe chotalika mamita 2.0, chimene pa sikelo chikuonetsa magalamu 8.0. Nsonga imodzi yamangidwa pa kamakina kogwedeza, ina yadutsa pa pule, kagudumu kamene chingwe chimayendapo, ndipo kumapeto kwake kwapachikidwa chitsulo cha makilogalamu 4.0. Kuchokera pa kamakinako kufika pa pule ndi mamita 1.5.

Choyamba pezani μ. Magalamu 8.0 ndi makilogalamu 0.0080, ndipo mugawe ndi kutalika kwa chingwe chonse chimene munaika pa sikelo: 0.0080 / 2.0 = 0.0040 kg/m. Kenako T. Chitsulo chikulendewera chili phee, choncho chingwe chikuchikoka ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwake, komwe ndi masi ake kuchulukitsa ndi g, yomwe ndi 9.8 m/s²: T = 4.0 × 9.8 = 39.2 N. Ndiye:

```
v = √(39.2 / 0.0040) = √9800 ≈ 99 m/s
```

Funde lothamanga chonchi limamaliza mamita 1.5 m'masekondi 0.015, ndipo palibe angayeze zimenezi ndi wotchi ya m'manja. Choncho liwiro limayezedwa kudzera m'mafunde oima, njira imene imadziwika ndi dzina la Franz Melde. Mumasintha pang'onopang'ono fulikwense ya kamakinako, kutanthauza kuchuluka kwa kugwedezeka pa sekondi, mpaka chingwe chitagawika m'zigawo zotukumuka zooneka bwino, zokhala ndi malo osagwedezeka pakati pake. Chigawo chilichonse ndi theka la kutalika kwa funde, λ. Zigawo zitatu pa mamita 1.5 zikutanthauza kuti chilichonse ndi mamita 0.50, choncho λ = 1.0 m. Popeza v = fλ, pomwe f apa ndi fulikwense, zigawo zitatuzo ziyenera kuoneka pa 99 Hz, ziwiri pa 66 Hz, chimodzi pa 33 Hz.

Poyeza λ musayambire pa kamakina kogwedeza, chifukwa nsonga imeneyo imagwedezeka pang'ono ndipo si malo osagwedezeka enieni. Yezani kuchokera pa malo osagwedezeka oyamba kufika pa pule, n'kugawa ndi chiwerengero cha zigawo zimene mwadutsa, kenako n'kuchulukitsa kawiri kuti mupeze λ.

Kuti muyese fomula yonse osati mfundo imodzi yokha, sinthani chitsulo. Ndi kilogalamu 1.0, T ndi 9.8 N ndipo v ndi 49.5 m/s: mphamvu yachepa kanayi, liwiro lachepa kawiri kokha. Mukajambula v² motsutsana ndi T, madontho ayenera kugwera pa mzere wowongoka wodutsa pa ziro, ndipo kupendekeka kwa mzerewo kuyenera kukhala 1/μ, komwe kuno ndi 250. Iyi ndiyo njira yabwino kuposa zonse, chifukwa maonekedwe a mzerewo amakuuzani mtundu wa cholakwa chimene chilipo.

Yankho langa likusiyana ndi loyembekezeka. Ndayamba kulakwitsa pati?

Kukula kwa kusiyanako kumaloza kumene kuli vuto. Tigwiritse ntchito chitsanzo chomwe chija, chimene yankho lake ndi 99 m/s.

Mukapeza 3.1 m/s, mwasiya μ m'magalamu pa mita. Kulakwitsa kwa 1000 mkati mwa sikweya ruti kumatuluka ngati pafupifupi 32. Mukapeza 32 m/s, mwaika 4.0 m'malo mwa T, ndiye kuti mwatenga masi a chitsulo osawachulukitsa ndi 9.8. Mukapeza 9800, mwaiwala sikweya ruti, ndipo mayunitsi akanakuchenjezani. Mukapeza 86 m/s, mwagawa masi a chingwe chonse ndi mamita 1.5 okha amene akugwedezeka, pomwe magalamu 8.0 aja ndi a mamita 2.0. Cholakwa chomalizachi n'chovuta kuchiona chifukwa yankho limaoneka ngati lomveka. Masi ndi kutalika ziyenera kukhala za chidutswa chimodzi chomwecho.

Palinso kusokoneza masi awiri. Masi a chitsulo amalowa mu T, masi a chingwe amalowa mu μ, ndipo salowerana malo.

Ngati masamu ali bwino koma zoyezedwa zikusiyanabe, yang'anani zipangizo. Chingwe chotamuka ndicho choyamba kuchikayikira. μ munaiyeza chingwe chili chomasuka, koma chikakungika masi omwewo amafalikira pa mtunda wautali. Chikatamuka ndi 10 peresenti, μ imatsika kufika pa 0.0040 / 1.1, ndipo v imakwera ndi √1.1 kufika pa 104 m/s, motero zigawo zitatu zimaoneka pa 104 Hz. Chizindikiro chake n'chakuti mzere wa v² ndi T umakhotera m'mwamba zitsulo zikamalemera. Chothandiza n'kuika zizindikiro ziwiri pa chingwe chisanakungike, n'kuyezanso mtunda wake pa chitsulo chilichonse. Chachiwiri ndi pule yolimba. Ikamagwira, T ya mbali yogwedezeka siifanana ndi kulemera kwa chitsulo, ndipo ikhoza kukhala yochepa kapena yochuluka malinga ndi mbali imene chingwe chinasunthira komaliza. Mudzazindikira mukanyamula chitsulo pang'ono n'kuchibwezera: fulikwense yopatsa zigawo zitatu imasintha ngakhale simunasinthe kalikonse. Gogodani pule pang'ono musanayeze, ndipo dikirani chitsulo chileke kuzunguzika.

Ndikagwedeza mwachangu kapena mwamphamvu, funde silithamanga kwambiri?

Ayi. Mu fomula mulibe fulikwense kapena msinkhu wa funde. Mukachulukitsa fulikwense kawiri, λ imachepa ndi theka ndipo fλ imakhala yomweyo. Amene akugwedeza amasankha fulikwense, chingwe ndicho chimasankha liwiro.

Chimene chimakwera mukagwedeza mwachangu ndi liwiro lina, la chingwe chenichenicho pamene chikupita uku ndi uku cham'mbali. Pa funde loyenda lokwera mamilimita 5 pa 33 Hz, liwiro limeneli limafika pa 2π × 33 × 0.005, pafupifupi mita imodzi pa sekondi, pomwe funde likuthamanga mamita 99 pa sekondi. Mukamanga kaulusi kofiira pa chingwe, mudzakaona kakukwera ndi kutsika pamalo amodzi, osatsata funde.

Ndili ndi waya wautali womangidwa kale ndipo sindingauike pa sikelo. μ ndiipeza bwanji?

Gwiritsani ntchito μ = ρA, pomwe ρ ndi masi a kiyubiki mita imodzi ya chinthu chimene waya wapangidwa nacho, ndipo A ndi kukula kwa nkhope ya waya mukaudula. Pa waya wa chitsulo cha sitilo ρ ndi pafupifupi 7850 kg/m³. Waya wonenepa mamilimita 0.50 uli ndi rediyasi 0.25 mm, choncho A = π × (0.00025)² = 1.96 × 10⁻⁷ m², ndipo μ ndi 0.00154 kg/m. Ukakungidwa ndi 100 N, v ndi pafupifupi 255 m/s. Mukaika kunenepa konse m'malo mwa rediyasi, μ imakula kanayi ndipo v imatuluka theka. Njirayi siigwira pa chingwe cholukidwa kapena waya wokulungidwa ndi wina, chifukwa mkati mwake muli mipata. Zoterozo dulani kachidutswa muyeze.

Bwanji kulemera kwa chingwe sitinakuwerengere?

Chifukwa m'chitsanzo chathu n'kochepa kwambiri. Mamita 1.5 a chingwe chija amalemera 0.06 N, pomwe T ndi 39.2 N.

Koma pali nthawi imene kulemerako ndiko T yonse. Chingwe cholemera chikalendewera chokha kuchokera pamwamba, popanda chomangidwa kunsi, malo amene ali pa mtunda x kuchokera kunsonga yapansi amanyamula chingwe chonse cha m'munsi mwake, choncho T = μgx. Mukaika mu fomula, μ imachoka n'kutsala v = √(gx). Pa mamita 1.25 kuchokera pansi liwiro ndi 3.5 m/s, pa mamita 5 ndi 7 m/s. Funde limayamba pang'onopang'ono n'kumathamanga likamakwera, ndipo liwiroli n'limodzi kaya ndi tcheni cholemera kapena chingwe chopepuka. Fomula ikugwirabe ntchito, kungoti iyenera kuwerengedwa ndi T ya pamalo pamene funde lafika. Izi zimayenda bwino ngati funde ndi lalifupi poyerekeza ndi mtunda umene T imasinthira kwambiri.

Kodi fomulayi imalephera pati?

Tinatenga chingwe ngati chinthu chofewa kotheratu, chosakana kupindidwa, kotero kuti mphamvu yokhayo yobweza ndi T. Waya wonenepa suli choncho. Ngakhale usanakungidwe umakana kupindika, ndipo kukanako kumawonjezera mphamvu yobweza. Mphamvu yowonjezerayi imakula kwambiri pa mafunde aafupi, opindika mothina, choncho mafunde aafupi amathamanga kuposa aatali. Apa mfundo ija yoti R inafafanizika yatha mphamvu: liwiro layamba kudalira kutalika kwa funde, ndipo kachitunda kosongoka kamafalikira kakamayenda. Mukhoza kuziona ndi mafunde oima. Pa chingwe chofewa mafulikwense amatsatana ngati 33, 66, 99, koma pa waya wolimba apamwamba amakwera kupitirira pamenepo, ndipo kusiyanako kumakula chiwerengero cha zigawo chikamakwera. Pa mawaya a piyano zimenezi n'zodziwika bwino, ndipo n'chifukwa china chimene mawaya a mawu otsika amapangidwira ndi waya wopyapyala wokulungidwa ndi kopa: kukulungako kumakweza μ popanda kuulimbitsa waya kwambiri.

Dziwaninso kuti √(T/μ) ndi liwiro la mafunde ogwedeza chingwe cham'mbali okha. Mukagogoda waya motsata utali wake, funde lopanikiza limene limadutsamo silidalira T. Limadalira kulimba kwa chitsulocho ndi ρ yake, ndipo mu sitilo limathamanga pafupifupi mamita 5000 pa sekondi, kuposa 255 m/s ija pafupifupi ka 20.